Phindu lomwe linathera m'mbale za anansi

Mayi anga aang'ono ankagulitsa tomato, anyezi ndi repu pamsika wa ku Chongwe, ndipo ine ndinakhala nawo chaka chimene ndinkadikira malo ku koleji ya ku Chalimbana. Anali munthu wansangala, wa mawu okweza, wodzitama pang'ono. Ankauza aliyense kuti tebulo lawo limabala makwacha mazana asanu pa sabata. Ndi mtima umenewo anakalonjeza kwa amayi anzawo kuti alowa chilimba chachikulu, chija chosonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, choponya mazana anayi Loweruka lililonse. Ankafuna malata. Nyumba yawo inali ya udzu ndipo mvula ikagwa tinkasuntha mphasa usiku wonse ngati tikusewera nsolo.

Lachisanu madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti aponye koyamba, anamasula chitenje nathira ndalama patebulo lawo la pamsika. Anapatula za mabokosi atatu a tomato zokagulanso Lolemba kwa mlimi wa ku Kasisi, napatulanso za repu ndi anyezi. Zotsala anaziwerenga katatu, malovu kuchala. Sizinafike ngakhale mazana atatu.

"Iwe mwana, watengako ndalama pano?" anandifunsa.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo sindibisa, mpaka lero ndikakumbuka mtima umatentha pang'ono. Ndinawayankha kuti ngati ndine wakuba andisechere m'thumba. Iwo anaseka nkundigwira paphewa.

"Awe, nakuseka chabe. Bwera unithandize, mutu wanga wazungulira."

Tinakhala pansi ndi chikatoni ndi cholembera. Mayi aang'ono nthawi zonse ankawerengera chonchi: bokosi ndagula mwakuti, muli milu yakuti, mulu ndi makwacha khumi, phindu ndi ili. Masamu awo anali olondola ndithu, koma anali a tomato wa m'maloto, wosaphwanyika, wosawola, wodziyendera yekha kuchoka kumunda. Ndinayamba kufunsa. Galimoto yobweretsa mabokosi? Anatchula mtengo. Wawilibala wochotsa pamsewu? Anatchula. Msonkho wa pamsika tsiku lililonse? Mapulasitiki? Tomato wa pansi pa bokosi amene amafika ataphwanyika, uja tinkadyera ndiwo kunyumba? Apa anayamba kundiyang'ana ngati ndine amene ndinabweretsa mavutowo.

Titachotsa zonsezo panatsalabe dzenje la makwacha pafupifupi zana. Tinalisaka mpaka mayi wa tebulo loyandikana, wogulitsa kapenta, analowerera.

"Imwe bamake, simuziziba? Ni mbasela yanu. Munthu agula mulu umodzi, imwe mumuikila tubili pamwamba. Mulu wanu uli na tomato zisanu. Ndiye kuti pafupifupi hafu mupasa mahala!"

Zinali zoona. Mbasela, kaja kowonjezera kamene wogulitsa amaponya m'thumba la kasitomala, ena amaika kamodzi, kakang'ono, kofewa kale. Mayi anga aang'ono ankasankha wamkulu, wofiira bwino, awiri, nthawi zina atatu kasitomala akawafunsa za mwendo wawo wodwala. Aphunzitsi, manesi, amayi a m'mapuloti atsopano a ku Silverest obwera ndi magalimoto awo, onse ankadziwa tebulo lofikira. Ife tinkati amatikonda.

"Kansi nidyesa Chongwe yonse!" anafuula, manja kumutu. Msika wonse wa mbali yathu unagwa nako kuseka, iwonso anaseka mpaka misozi. Koma pobwerera kunyumba ndinawamvera chisoni. Anali atauza kale aliyense za malata aja.

M'mawa mwake anavala chitenje chatsopano napita kwa amayi a chilimba. Ndinawaperekeza. Ndinkaganiza kuti anamizira matenda, koma ananena mosabisa.

"Anzanga, ninazinamiza neka. Mazana anayi siningakwanise. Niikeni ku kachilimba kang'ono ka mazana abili."

Wina anati nanga malata aja? Iwo anayankha kuti malata sathawa, fulumira anadya gaga, abwera chaka chamawa, ndipo udzu ukadalipo m'dambo. Amayi aja anawalemba m'kagulu kakang'ono popanda kuwanyoza, ngakhale kuseka kunalipo.

Lolemba analengeza lamulo latsopano: mbasela imodzi, kwa wogula milu iwiri basi. Analisunga mpaka cha m'ma teni koloko. Kenako kunabwera mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, nagula mulu umodzi ndi ndalama zachitsulo zimene anaziwerenga nthawi yaitali. Ndinaona dzanja la mayi aang'ono likupita ku bokosi, likuima m'malere. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali.

Anaponya tomato mmodzi m'pulasitiki, wamkulu kuposa onse, nandiuza chapansipansi:

"Lemba pa chikatoni chako. Iyi niiziba, nayipasa neka."