Tinsalu ta Andireya Telala

M'zaka za Chitaganya, pamene tawuni ya Chipata inkatchedwa Fort Jameson, Andireya Sakala ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina. Anali munthu wosalankhulalankhula, woyeza kawiri asanadule. Makasitomala anali ochepa, ndipo mwini sitolo anamuuza kuti ngati nsalu sizidzayamba kuyenda pofika nthawi yokolola mtedza, khondelo adzapatsa telala wina.

Andireya anaganiza njira. Aliyense wosoketsa ankamupatsa tinsalu titatu totsala pa chovala chake kuti akagawire anthu amene angawatumize kwa iye, kachinayi n'kukabaya pamsomali wa munthuyo pakhoma. Munthu watsopano akabwera ndi kansalu, nasoketsadi chinthu, Andireya ankakafananiza ndi ka pakhoma n'kukabaya pomwepo. Wotumiza munthu mmodzi ankamusokera chigamba kwaulere. Wotumiza atatu ankalandira duku. Panalibe zolembalemba, khoma ndilo linkanena.

Koma anaiwala chinthu chimodzi. Amayi a ku Kasenengwa akakhala pa chinzake amagula nsalu imodzimodzi, kuti ku Misa azioneka ngati mapasa. Mayi Dolika ndi mlamu wawo Mayi Ketilina anasoketsa madiresi a maluwa ofanana. Patapita milungu ingapo, tinsalu titatu ta maluwawo tinabwerera, ndipo Andireya anatibaya pa msomali umene unali pafupi, wa Mayi Dolika.

Loweruka lina onse awiri anafika.

"A telala, duku langa lija," anatero Mayi Dolika.

"Lanu liti, alamu?" anafunsa Mayi Ketilina. "Inu munatumiza ndani? Tinsalu tanu si tija munamangira mkamwa mwa chipanda?"

"Kamodzi kokha. Tiwiri ndinapatsa anthu."

Andireya anayang'ana khoma, khoma osamuthandiza. Ankadziwa kuti akakhumudwitsa mmodzi, mudzi wonse umva lisanalowe dzuwa, ndipo amayi amenewa ndiwo anali atayamba kudzaza khonde lake. Anapereka maduku awiri. Lachiwirilo linali limene anasungira mkazi wake.

Tsiku lomwelo anakonza cholakwacho. Kansalu kalikonse anayamba kukasokerera nambala ndi ulusi wofiira, nambala yomweyo n'kuilemba ndi choko pamwamba pa msomali. Ankafunsanso aliyense watsopano kuti, "Wakutumani ndani?"

Mtedza utakololedwa, mwini sitolo anatuluka, nawerenga misomali yolemera ndi tinsalu, nayang'ananso mashelefu ake a nsalu amene anali atapepuka. Za telala wina sanazitchulenso.

Andireya anasoka pakhonde limenelo zaka khumi ndi zinayi. Mkazi wake, Magalita, analandira duku lake chaka chotsatira, atatumiza anthu atatu monga wina aliyense. Nambala yake inali 31.