Ola Limene Anabweza ku Amerika

Mkazi wanga atamwalira ndinakhala ndekha ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, zaka zisanu ndi chimodzi. Ana anali atakula, wina ku Lilongwe, wina ku Karonga. Ndimasunga katundu pa kampani ina yocheka matabwa ku Luwinga, ndipo masiku amenewo ndinkangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Mlongo wanga ndiye anaona kuti moyo wotere sukukwanira. Anandipatsa nambala ya mnzake wa ku sekondale, mayi wa ku Nkhata Bay wa msinkhu wanga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Amerika. Mayiwo ankafuna kudzabwerera kwathu kuno, koma sankafuna kudzafikira m'nyumba yopanda munthu.

Tinayamba kulemberana pa foni mu Epulo. Mlungu woyamba womwewo ndinalakwitsa. Ndinkadzuka sikisi koloko m'mawa n'kuwalembera moni, osaganiza kuti kwawoko ndi pakati pa usiku. Anapirira masiku atatu amene sanali kuntchito, kenako anandiuza modekha kuti foni yawo satseka mawu akamagona, chifukwa amayi awo ku Nkhata Bay ndi okalamba. Uthenga uliwonse wochokera ku Malawi usiku, iwo amadzuka mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndi maliro. Ndinachita manyazi. Anandiuza kuti pa nthawi yathu ndizichotsa maola sikisi, ndiye ndipeza yawo. Ndinalemba pamwamba pa kalendala ya m'chipinda chochezera: chotsa 6.

Panalinso kusiyana kwina. Iwo amalankhula, ine ayi. Ankatha kutumiza mauthenga asanu motsatizana, za gogo wina wa kuntchito kwawo amene amabisa masupuni m'sokosi, za mtengo wa ufa wa chimanga kumeneko, za maloto. Ine ndinkayankha kuti yewo. Tsiku lina anandifunsa ngati mawu ndimagula pa sikelo ngati misomali.

Ndiye tinagwirizana ndondomeko. Iwo amagwira ntchito usiku, kuyambira eyiti madzulo mpaka eyiti m'mawa, masiku anayi pa mlungu, ndipo kuntchitoko foni imatsala mu loka, kabati yokhoma. Anati azindijambulira uthenga wa mawu asananyamuke, ine ndiziumva m'mawa ndikumwa tiyi. Ine ndiziwalembera pa nkhomaliro, mizere yosachepera isanu, aziupeza akaweruka kapena akadzuka. Kuimbirana kwa vidiyo tinakuika Lamlungu, naini koloko m'mawa kwawoko, atangofika kunyumba asanagone. Kwa ine inali 3 koloko masana, nditabwerako kutchalitchi ndipo nditadya. Deta ndinkayatsa nthawi zimenezo zokha, m'mawa, masana ndi Lamlungu. Sindinazolowere kukhala nayo yoyaka tsiku lonse.

Ndondomekoyo inandiyenera. Mizere isanu ija poyamba inkandivuta kuposa kuwerenga matabwa a lole yathunthu, koma ndinaphunzira kusunga tinthu ta tsikulo: chifunga cha Juni chimene chinabisa msewu wa ku Luwinga, mtengo wa nsomba ya batala pa msika, mapeyala a kuseri kwa nyumba. Miyezi isanu ndi umodzi sitinaphonye Lamlungu ngakhale limodzi.

Mu Okutobala mayiwo anandiuza kuti ife si ana, nkhaniyi ifike kwa akuluakulu. Achimwene awo amakhalanso ku Amerika komweko, mumzinda wina, ulendo wa maola awiri pa galimoto, ndipo ndi amene amayang'anira banja lawo. Anavomera kubwera kwa mlongo wawo Lamlungu loyamba la Novembala kuti adzandione pa foni ndi kulankhula ndi wamkulu wa kwathu. Ine ndinapempha amalume anga a ku Ekwendeni, amene timawaitana kuti asibweni. Mayiwo anangoti nthawi yathu yomwe ija, naini koloko. Ine ndinazunguliza tsikulo pa kalendala n'kulemba 3.

Asibweni anafika itangokwana wani koloko, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Tinadya. Ndinaika foni pa tebulo, yotsamira pa buku la nyimbo, n'kusuntha mipando kuti tonse awiri tizioneka. Itakwana 3 koloko ndinaimba. Inaitana mpaka kuduka yokha. Ndinadikira mphindi zisanu n'kuimbanso. Asibweni anafunsa ngati ndi netiweki. Sinali netiweki. Foni inkaitana bwinobwino, koma panalibe woyankha.

Ndinaimba kasanu. Asibweni anasiya kuyang'ana foni, anayamba kuyang'ana ine. Anandifunsa ngati mayiyu ndinamuonapo ndi maso, ngati anandipemphapo kanthu, ngati ndikutsimikiza kuti alibe mwamuna kumeneko. Ndinayankha zonse, koma mawu anga ankamveka ochepa ngakhale kwa ine ndemwe. Kenako anatola chipewa chawo.

“Muphwa, mwana wa mlongo wanga, mwandikweza minibasi kudzaonera galasi. Kwathu mkazi amakana pamaso. Uyu wakana mwaulemu, musamuvutitse.”

Anati akufuna akafike kusanade. Ndinawaperekeza ku siteji. Tisanatuluke m'nyumba, cha m'ma kota tu folo, ndinazimitsa deta. Ndinadziuza kuti ngati mayiwo ali ndi chonena, adikire monga ndadikirira ine. Madzulo sindinayatse. Lolemba m'mawa ndinamwa tiyi foni ili m'thumba la jekete. Pa nkhomaliro ndinakhala pa mulu wa matabwa osalemba kanthu. Kunena zoona, ndinkaopa kupeza mawu ondikana, komanso ndinkaopa kupeza kuti palibe mawu alionse.

Lachiwiri m'mawa mlongo wanga anabwera kuntchito. Sanandipatse moni. Anandikokera kuseri kwa shedi, kutali ndi phokoso la makina, n'kundifunsa ngati ndafa. Mnzakeyo anamuimbira Lolemba kufunsa ngati ndili m'chipatala, mlongo wanga n'kufunsa kwa aneba anga, n'kumva kuti ndikupita kuntchito ngati kale. Ndinayamba kufotokoza za 3 koloko, iye anandidula. Anati ku Amerika amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu loyamba la Novembala, mu Malichi n'kuwapititsanso patsogolo. Kuyambira tsiku limenelo kusiyana kwathu sikunalinso maola sikisi, kunali seveni. Pamene ndinkaimba, kwawoko inali eyiti koloko. Mayiwo anali akupereka lipoti kwa anzawo a masana, kenako ali pa chiwongolero, foni ili m'chikwama. Naini koloko yawo inali folo koloko yanga.

Ndinaphunzira za kusiyana kwa nthawi ku sekondale, koma zoti dziko lonse lingagwirizane kubweza wotchi sindinazimvepo. Kuno dzuwa ndi wotchi sizikangana.

Ndinayatsa deta pomwepo. Mauthenga analowa motsatizana. Woyamba unali wa Lamlungu, 3:50 pa nthawi yathu: angofika, aona kuti ndinaimba, apepesa kuti anaiwala kundiuza za mawotchi chifukwa foni yawo imasintha yokha, ndiwapatse mphindi khumi. Kenako panaoneka kuti anaimba kanayi. Wina unati achimwene akudikira. Wina unati achimwene anyamuka. Wotsiriza unali wa Lolemba madzulo, atamva kuti ndili bwino.

“Ola limodzi lija ndi la wotchi, ndipo ndi ine ndinaiwala. Masiku awiriwa ndi anu.”

Ndinafuna kuimba nthawi yomweyo. Ndinawerenga pa zala: naini m'mawa kuchotsa seveni, 2 koloko usiku. Ndinabweza foni m'thumba. Pa nkhomaliro ndinalemba kuti ndalakwa, ndipo ndikupempha andiuze nthawi yoti ndiimbe, pa wotchi yawo. Yankho linabwera madzulo: Lachitatu, leveni koloko m'mawa. Kwa ine inali sikisi madzulo. Ndinawerenga kawiri.

Atayankha sanayatse vidiyo. Anandilola kufotokoza za asibweni ndi jekete lawo, za manyazi anga, mpaka ndinamaliza. Kenako anandiuza zimene mlongo wanga sanandiuzepo. Mwamuna wawo woyamba anapita ku Joni ana ali aang'ono. Sanawakane. Ankaimba mlungu uliwonse, kenako mwezi uliwonse, kenako nambala inasiya kupezeka. Anakhala zaka zitatu osadziwa ngati ali pa banja kapena ndi amasiye. Lamlungu lija achimwene awo anakhala pa mpando mpaka leveni koloko, tiyi atazizira, ndipo ponyamuka anangoti, wayambanso wina.

“Adada, ine sindiopa munthu wokwiya,” anatero. “Mukwiye, mundiuze kuti mwakwiya. Koma ndili kutali kuno. Mukazimitsa foni ndilibe khomo loti ndikagogode.”

Ndinati ndamva, ndipo sindidzachitanso. Iwo anati zimenezo aziona m'masiku, osati m'mawu. Achimwene awo sawaitananso mpaka iwo eni atakhutira. Anaonjezera malamulo awiri pa ndondomeko yathu. Nthawi ya kuimba tizitchula pa mawotchi onse awiri, kwanu mwakuti, kwathu mwakuti, tsiku lisanafike. Ndipo uthenga wa tsiku ndi tsiku usadumphe, ngakhale titayambana. Wokwiya alembe kuti ndakwiya, ndili moyo, tilankhula mawa.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Ekwendeni. Ndinawapeza asibweni akukonza khola la nkhumba. Ndinawafotokozera za mawotchi, ndipo sanakhulupirire msanga. Anafunsa ngati azunguwo amabwezanso dzuwa. Ndinawauza kuti tikanadikira mphindi khumi ndi zisanu zokha tikanalankhula nawo, ndipo kuti cholakwa chachikulu chinali changa, pokhala chete masiku awiri. Anapukuta manja nthawi yaitali. Anati iwonso analankhula mofulumira, ndipo akadzaitanidwanso adzabwera ndi kachikwama, adzagone.

Novembala yense ndi Disembala ndinalemba tsiku lililonse. Mayiwo ankayankha, koma mauthenga a mawu aja anafupika, ndipo nkhani za okalamba a kuntchito zinasiya. Lamlungu tinkalankhula folo koloko, mphindi makumi awiri, ngati anthu a mu komiti imodzi. Panthawi ya Khirisimasi tinasemphana mawu pa nkhani ya kumene tidzakhale, ku Mzuzu kapena kunyanja, kwawo ku Nkhata Bay. Ndinagona ndi mkwiyo. Mawa lake pa nkhomaliro ndinakhala ndi foni m'manja mpaka nthawi yobwerera ku ntchito itatsala pang'ono, kenako ndinalemba kuti ndakwiya, ndili moyo, tilankhula mawa. Sanayankhe tsiku limenelo.

M'mawa wotsatira ndinapeza uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Za kunyanja anati sanasinthe maganizo, tikambiranabe. Kumapeto anati alankhula ndi achimwene, ndipo avomera kubweranso Lamlungu lachiwiri la Januwale, naini koloko kwawoko, folo koloko kwathu kuno. Anati ndiwauze asibweni msanga, poti ndi nyengo ya mvula.