Diresi ya Achemwali

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, ndipo ndinali pabenchi ya atelala ku Ntaja, nditakumbatira diresi ya malemu achemwali anga. Inali yachikasu chakupsa, ndipo abale anandipatsa pogawa zovala zawo maliro atatha.

Anthu ankati ine ndi achemwali tinali ofanana, ngakhale khungu. Koma tsiku limene ndinaivala, amayi anasiya kupeta chimanga n'kundigwira pachipumi. "Ukumva kuwawa pati? Watuwa ngati mmene anayambira kudwala mkulu wako." Ndinathawira m'nyumba n'kukaivula.

Atelalawo anali mayi wachiyao amene anasoka diresiyo, ndipo anaizindikira ndisanaifunyulule. Ndinangoti aichepetse m'chiuno. Kenako misozi inanditsogolera, ndinawauza zonse.

"Tiye panja, mwanangu. Magetsi amanama, dzuwa silinama."

Anandiimika pamthunzi wa khonde n'kundipatsa kagalasi. Anayamba aika nsalu yakirimu pansi pa chibwano changa, ndipo nkhope inaoneka yotopa. Ataika yoyera mbee, inawala. Anayesanso ndolo. Yagolide inangokhala ngati yobwereka, yasiliva inandikhala.

"Kuda kapena kuyera si nkhani," anatero. "Pansi pa khungu pali mtundu wina, umene dzuwa silisintha. Ena pansipo pali chikasu ngati golide. Amenewo timati khungu lofunda, ndipo amakhalidwa ndi chikasu, olenji, kufiira kwa njerwa, kirimu. Achemwali ako anali otero. Iwe pansipo pali kabuluu kosakanikira ndi kufiira. Lako ndi lozizira. Zako ndi buluu, pepo, maruni, zoyera mbee. Alipo ena apakati, amwayi, ovala chilichonse."

"Ndiye sitinali ofanana?"

"Mphuno ndi imodzi, iyo sindingakunamize, nonse munaitenga kwa bambo anu, pepani." Anaseka pang'ono, kenako analeka. "Koma khungu iyayi."

Mawu amenewa anandipweteka. Ndinkaganiza kuti ndikavala diresiyo ndidzawaonako achemwali pagalasi.

Atelala anati mtundu umavuta ukayandikana ndi nkhope. Atha kudula kumtunda kwa diresiyo n'kutsala siketi, ine n'kumavalira bulauzi yabuluu. Chikasu chikakhala kumunsi sichingandituwitse.

"Musadule," ndinatero. Kolala yake inali ikadanunkhira mafuta odzola a achemwali.

"Sindidula lero. Kaganize."

Pakabaza pobwerera kwathu ndinaifungatira njira yonse. Ndinapeza amayi akundidikira kumsewu, ngakhale dzuwa linali likadalipo. Asanandifunse za ulendo anayamba andiyang'anitsitsa kumaso. Anali atayamba kutero tsiku lililonse.

Madzulo amenewo ndinalemba m'kope langa kuti sindingaibise diresiyo m'sutikesi mpaka idyedwe ndi njenjete, komanso sindingawaopsezenso amayi. Mawa lake ndikaipereka kuti idulidwe, koma ndikapempha kuti kolalayo andibwezere yosachapa.