Kamzere kamene ndinasiya mu imelo

Nditangoyamba ntchito yoyang'anira masukulu a mkombaphala cha ku Nambuma, abwana anga, mayi amene ankakhala ku ofesi m'tauni, ankafuna zonse pa imelo, m'Chingerezi. Tsiku lina ndinawapempha chiponde cha "three year-old children" amene ankaoneka onyentchera. Ine ndinkanena ana a zaka zitatu, ndipo analipo ambiri.

Abwanawo anafika ndi chiponde chokwanira ana atatu okha.

"Kodi simunalembe ana atatu a chaka chimodzi?" anandifunsa, akundionetsa foni yawo. "Mukanaika kamzere pakati pa three ndi year, ndikanabwera ndi makatoni."

Azimayi amene anadikira ndi ana awo kuyambira m'mawa anabwerera chimanjamanja, ndipo chiponde china chinafika patatha sabata.

Mpaka lero imelo sindiitumiza mtima uli m'malo. Ndimazungulirazungulira pachulu pomwe netiweki imagwira, ndikudzifunsa ngati "follow up" wangayo ndi mneni, wosafuna kamzere, kapena ndi dzina, lofuna kamzere. Ndikatumiza ndimaitsegulanso n'kuiwerenga, ngakhale ndikudziwa kuti yapita kale.