Tizitini Tisanu ndi Kamodzi ta Ketilina

Mlongo wanga Ketilina akayenga mafuta odzola, sankapatsa munthu tsiku lomwelo. Ankayamba wapaka kuseri kwa dzanja lake lamanzere, n'kukhala padzuwa mpaka mthunzi wa nkhokwe utasuntha. Kenaka ankadikira masiku atatu.

Zinayamba mu 1943, nkhondo itasowetsa mafuta odzola m'masitolo a ku Fort Jameson. Kwathu ku Chiparamba akazi ankadzola nsatsi, koma atsikana ankadandaula fungo. Ketilina anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta. Anasungunuliramo phula limene ine ndinkabwera nalo ndikakafula njuchi, kuti mafuta agwirane. Kuti anunkhire, anafinyiramo makoko a mandimu aawisi. Anadzaza tizitini tisanu ndi kamodzi tokha.

Bizwell, amene ankayenda ndi malonda panjinga mpaka ku Mwami, ananunkhiza kachitini kamodzi. Anati akufuna madebe awiri mwezi uliwonse. Ketilina anati ayambe waona mmene akhalire pathupi pa anthu.

Ketilina mwiniwake anapaka pamkono, m'kati mwa malaya, osamva kanthu. Amayi anayi okalamba anadzola miyendo madzulo, n'kuyamikira. Kachitini kotsiriza anapatsa mng'ono wake Vailet, amene anali ndi pakati. Vailet anadzola kumaso m'mawa, n'kupita kukasosa m'munda, dzuwa la Okutobala lili pamutu.

Tsiku lachiwiri masaya ake anatuluka matuza ngati wapsa ndi phala. Matuza ataphulika panatsala mawanga akuda, ooneka zala mmene anapakira. Wothandiza kuchipatala cha mishoni anati madzi a khoko la ndimu akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu, koma mawangawo adzatha pakapita miyezi.

Vailet ankaseka. "Achemwali, mwandilemba ngati ng'ombe ya Mzungu. Ndikasochera mudzandipeza."

Miyeziyo sinakwane. Anamwalira pobereka mu Disembala. Mafuta sanamuphe, tonse tinkadziwa. Koma Ketilina anali m'gulu la osambitsa maliro, ndipo anaona zala zija pamasaya.

Bizwell anabweranso mvula itatha. Anati achotse mandimu basi, madebe awiri aja akuwafunabe. Ketilina anali atawachotsa kale, ndipo mafuta atsopanowo sanapweteke munthu.

"Anthu asanu ndi mmodzi ndimatha kuwayendera, kuwayang'ana nkhope," anatero Ketilina. "A madebe awiri adzawayang'ana ndani?"

Bizwell anakwera njinga yake. Ketilina sanapitirirepo tizitini tija, ndipo aliyense wotenga ankamuona pakhomo pake tsiku lachitatu.

Ndinamuona komaliza akuchita zimenezi mu 1949, chaka cha chilala. Anali ataonda, ndipo wogula panalibe. Anakhala pamphasa, dzanja lonyezimira atalitambasulira padzuwa. Ndinamuuza kuti mafutawo ndi omwe aja a chaka chatha, alowe mumthunzi.

"Mthunzi sunasunthe, achimwene," anatero, osandiyang'ana.