Chofinyira cha mkuwa

Chaka chimenecho ndinataya mkazi wanga, phokoso la makina ake osokera Loweruka m'mawa, mbali ya kumanzere ya bedi, munthu wondiuza kuti malaya ndavala chotembenuza, ndi nambala yotsegulira foni yake. Nambalayo ndinaikumbukira patapita milungu isanu ndi umodzi. Inali deti la tsiku limene tinatsegula shopu.

Shopuyo ili pa Kandeu, kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu. Mkazi wanga ankaiyendetsa ndi akulu ake, alamu anga, mayi wamawu okweza amene sakhulupirira chinthu chimene sanachione pa shelefu. Ankagulitsa mbewu za masamba, makheni othirira, zingwe, ndi tizipangizo ta masipuleya opopera mankhwala. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale yoyendera, ndipo ntchito yanga m'shopumo inali kunyamula makatoni ndi kuwerenga Chingerezi cha pa malebo. Onse awiri ankanditcha akukoleji.

Alimi a mbatata ndi tomato anali ndi dandaulo limodzi chaka ndi chaka. Sipuleya yobereka kumsana imalimba, koma chofinyira chake, kachogwirira kamene umakanikiza kuti mankhwala atuluke, n'chapulasitiki. Chimang'aluka, mankhwala n'kumayenderera m'dzanja mpaka m'chigongono. Ena ankamanga ndi mphira, ena ankaitaya sipuleyayo kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina mlimi wina wachikulire wa ku Biriwiri anabwera ndi chofinyira chamkuwa chimene mwana wawo anawabweretsera kuchokera ku Joni. Anati chatha nyengo zinayi chosadontha. Mkazi wanga anachigwira, nachitembenuza, nachijambula ndi foni chili m'dzanja lake pamwamba pa chitenje chake. Anandiuza kuti tikapeza kumene zimapangidwa, iyeyo, alamu ndi amayi ena awiri a mashopu a ku Sharpevale adzagawana katoni. Tinangoyamba kufufuza pang'ono. Mwezi wa Meyi usanathe tinamuika.

Mu Julaye alamu anabwera kunyumba masana, nakhala pakhonde osavula nsapato.

"Alamu, shopu ija nditseke kapena? Ine mbewu ndi zingwe zokha sizindisunga. Aliyense pa Kandeu akugulitsa zomwezo. Mng'ono wanga anali ndi nzeru ya zamkuwa zija, koma nzeruyo yapita nayo."

"Sinapite. Ili m'foni."

"Ndiye tsegulani, akukoleji. Sukulu yonse ija inali ya chiyani?"

Pa intaneti pali misika ya ogulitsa katundu wambiri nthawi imodzi, ambiri a iwo a ku China, ndipo safuna kuti udziwe dzina la chinthu. Umaika chithunzi, makina n'kukuonetsa zofanana nacho. Ndinaika chithunzi chija mmene chinalili. Zinabwera nsalu zamaluwa, mipango, ndi mphete ziwiri. Makinawo anaona chitenje ndi chala cha mkazi wanga, chofinyiracho sanachisamale. Kuti aone chimene ndinkafuna, ndinayenera kudula chithunzicho mpaka patsale mkuwa wokha. Ndinasunga china chathunthu padera, kenako ndinakoka mizere yodulira chithunzi, kuchotsa chitenje, mkono, ndi zala zinayi. Nsonga ya chala chachikulu inakana kuchoka chifukwa inali pamwamba pa mkuwawo. Ndinaisiya.

Ulendo uno zinabwera zofinyira zokhazokha, tsamba ndi tsamba. Chinandidabwitsa n'chakuti ogulitsa ambiri ankaonetsa chithunzi chimodzimodzi, mpaka mthunzi wake, koma mitengo yosiyana kwambiri. Ndinatha masana angapo pansi pa mtengo wa kusukulu, pamene netiweki imagwira bwino, ndikuphunzira kuwasiyanitsa. Ndinkayang'ana zaka zimene wogulitsa wakhala pamsikapo, ngati msikawo unamutsimikizira, ndi zimene analemba amene anagulako. Ndinaonanso kuti wogulitsa zofinyira, zidole ndi mawigi pamodzi si mwini fakitale, ndi wongopikulitsa. Mwini fakitale amakhala ndi zinthu za mtundu umodzi, koma salola kugula zochepa. Ena ankati uyambire mazana asanu, ena chikwi.

Ndinapeza wina wotchipa amene ankalola mazana awiri. Ankayankha msanga, ndipo uthenga uliwonse ankauyamba ndi kunditcha bwenzi lake lapamtima. Alamu atamva anawomba m'manja.

"Basi, itanitsani. Za pa sitima zimatenga miyezi itatu, mwanena nokha. Tikachedwa mvula itipeza tilibe kanthu."

"Ndiitanitsa chimodzi kaye."

"Chimodzi? Ife tikufuna katoni, inu mukufuna chimodzi ngati mukugula mpiru? Chithunzi si chomwecho?"

"Chithunzi ndi chomwecho."

"Nanga?"

Ndinabweza foni m'thumba. Anadzuka, nati anthu ophunzira amatha kufa ndi ludzu ali pachitsime chifukwa chofuna kuyeza madzi.

Katundu wotere sabwera yekha ku Kandeu. Pali anthu onyamulira amalonda ang'onoang'ono, ali ndi nyumba yosungira katundu ku China ndi ofesi ku Lilongwe. Amakupatsa adiresi ndi chizindikiro chako choti wogulitsa alembe pa phukusi, iwo n'kuphatikiza ndi katundu wa anthu ena. Za pa ndege amalipiritsa potengera kulemera, za pa sitima potengera malo amene katoni yatenga. Amayi a ku Sharpevale aja anali atagwiritsapo ntchito mmodzi wa iwo poitanitsa zikwama, ndiye ndinadzera komweko. Chofinyira chimodzicho, pamodzi ndi ndege, chinadula kuposa sipuleya yatsopano. Alamu anauza pafupifupi msika wonse.

Chinafika patatha milungu itatu, m'kaphukusi kakang'ono kokulungidwa ndi tepi wambiri. Chinali chokongola, chowala kuposa cha m'chithunzi. Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita nacho ku Biriwiri, ndipo alamu anati abwera nawo kuti adzaone ndikuchita manyazi. Tinawapeza bambo a chofinyira chamkuwa aja m'dimba. Anapukuta manja, nachilandira, nachiponya m'mwamba pang'ono n'kuchiwakha.

"Aphunzitsi, ichi chadya koma sichinakhute."

Anatenga chawo, naika china m'dzanja ili, china m'dzanja ilo. Chatsopanocho chinali chopepuka. Anatulutsa tupa lonolera khasu, nakwecha pansi pake kawiri. Pansi pa chikasu cha pamwambacho panatuluka chitsulo chotuwa. Chinali chongopakidwa. Kenako anayesa kuchimanga pa ndodo ya sipuleya yawo, koma sichinalowe. Mazinga ake anali ang'ono. M'chithunzi simunali chilichonse chosonyeza kukula, ndipo ine sindinafunse.

Alamu anachitenga, nachiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Mazana awiri a zimenezi tikanakolowekera makatani."

"Kapena kuperekera pa chinkhoswe," anatero bambo aja.

Tinaseka tonse atatu. Kanali koyamba kuseka chiyambire maliro, ndipo ndinadabwa kuti kuseka kunatuluka mwachizolowezi, ngati sikunapite kulikonse.

Bambowo anatibwereka chofinyira chawo kwa sabata. Ku labotale ya kusukulu ndinachiyeza ndi kachida koyezera m'mimba mwa zinthu: mazinga ake mamilimita khumi ndi asanu ndi atatu, pamene chija chinali cha khumi ndi anayi. Ndinachiika pa sikelo. Ndinachijambulanso pa pepala loyera, rula ili pambali, mbali zonse ndi kukamwa kwake. Alamu anandibweretsera masipuleya a mitundu itatu imene anthu akuno amagula, ndipo awiri mwa iwo ankagwirizana ndi muyeso womwewo.

Ndinalembera ogulitsa asanu, mafunso ofanana kwa onse. Mkuwa weniweni kapena wopaka? Mazinga a muyeso wanji? Chimalemera bwanji? Nditumizireni kanema chili pa sikelo. Awiri sanayankhe. Mmodzi anayankha kuti inde ku chilichonse, ngakhale funso lofuna nambala. Awiri anatumiza kanema. Mmodzi wa iwo anali mayi wa pa fakitale yopanga zamkuwa zokhazokha, ndipo anandifunsa funso limene ena onse sanafunse: kumbuyo, kolowera payipi, n'kwakukulu bwanji? Ndinathamanga kukayeza. Ulendo uno ndinaitanitsa ziwiri nthawi imodzi, chimodzi kwa aliyense, mu phukusi limodzi.

Zonse ziwiri zinalowa pa ndodo. Tupa la ku Biriwiri linapeza chikasu mpaka mkati mwa zonse ziwiri. Koma cha mayi uja chinali ndi kamphira kochindikala m'kati, ndipo bambo aja atapopa mizere isanu ya mbatata anandionetsa chikhatho chouma. Fakitaleyo inkafuna mazana asanu. Ndinapempha, mayiyo anatsika kufika mazana atatu pa mtengo wokwererapo pang'ono, ndipo anaonjezera timphira tapadera. Ndinalipira kudzera pamsika womwewo, umene umasunga ndalama mpaka katundu atumizidwe monga mwagwirizana, osati ku akaunti ya munthu. Katunduyo atafika kwa onyamula aja, ndinawapempha atsegule katoni imodzi anditumizire chithunzi isanakwere sitima.

Alamu ananena zoona, mvula inatipeza tilibe kanthu. Makatoni anafika mu Januwale, atadutsa padoko ndi pa msonkho, ndipo ndinakawatenga ku Lilongwe pa basi. Koma Januwale ndi mwezi umene matenda a chiwawu amavuta m'minda ya mbatata, ndipo aliyense amakhala ndi sipuleya kumsana. Gawo lathu linatha mwezi wa Marichi usanafike. Alamu anapachika chofinyira chopaka chija pa msomali pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi tupa, ndipo wogula aliyense wokayika amamuuza akweche yekha chopakacho ndi chenicheni. Shopu sinatsekedwe. Masiku ano amalonda ena amabwera Loweruka ndi zithunzi m'mafoni, za maloko, za nyale, za zitsulo za makina osokera, ndipo ndimayamba ndi kuwafunsa ngati ali ndi rula. Ndimaikonda ntchitoyo. Ndimakhala pa mpando umene unali wake, ndipo wayamba kundikwana.

Tsiku lina tikutseka, alamu anandifunsa kuti nzeru ya chimodzi kaye ija ndinaiphunzira ku koleji iti. Ndinawauza mmene zinalili. M'mawa wa tsiku limene ndinalankhula naye komaliza, mkazi wanga anadzuka ndi mutu umene unamuvuta masiku awiri, ndipo anati apite kuchipatala akalandire mankhwala. Ine ndinali ndi mayeso oyang'anira. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndikumuuza za wogulitsa wina amene ndinamuona dzulo lake, kuti mtengo wake ndi wabwino ndipo tikhoza kungoitanitsa. Madzulo ndinamupeza sakulankhulanso. Koma m'mawawo anali atakhala kale pa njinga yamoto, akumanga mpango, ndipo anatembenuka akumwetulira.

"Inu akukoleji, musathamange. Muwauze atumize chimodzi kaye. Ndikabwera ndidzachigwira ndekha."