Ndicheke Ine

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi pamene anavomera kuika chithunzi chake pa tsamba la pafoni lofunirapo banja. Anati ayesa mwezi umodzi wokha, zikakanika afufuta zonse ndipo nkhaniyo isadzamvekenso m'nyumba mwathu ku Chawama.

Amene ndinamukakamiza ndine. Adokotala anali atandiuza za mtima wanga, ndipo ndinkaopa kumusiya yekha m'zipinda ziwirizi. Kusakwatiwa kwake ndi mlandu wanga. Ali mtsikana anafunsiridwa ndi telala wina wachisilamu wa ku Matero, ine ndinamuthamangitsa chifukwa cha chipembedzo. Makalata ake ndinkawotcha osadziwa zolembedwamo, pakuti kuwerenga ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya akuluakulu. Telalayo anakwatira wina. Mwana wanga anadwazika mayi ake mpaka kuwaika, kenaka anayamba kudwazika ine.

Chithunzi choyamba ndinasankha ndekha. Ndinamutengera ku situdiyo ku Kamwala atavala yunifomu ya azimayi akutchalitchi. Kumbuyo kwake anapachika nsalu yojambulidwapo nyumba yosanja ndi galimoto. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, pakuti kwa ine mkazi wolemekezeka saonetsa mano pachithunzi. Anajambulidwa thupi lonse, ali patali, manja m'mbali.

Masabata atatu anatha. Analemba mwamuna mmodzi yekha, wofunsa ngati galimotoyo ndi yake.

Ndinapita kukapempha mnzake wina woluka tsitsi pamsika, mayi wa ku Kitwe wosabisa mawu, amene amanditchula “ba shikulu”, agogo m'Chibemba chakwawo. Anabwera Loweruka masana, natenga foni, ndipo ataona chithunzicho anaseka mpaka kukhosomola.

“Ba shikulu, ichi ni cha pa reji, chitupa cha boma chija, kapena cha pa maliro? Nkhope yachepa ngati nyemba. Munthu aona chithunzi kamodzi chabe, chala chapita kale pa china.”

“Nanga ulemu?” ndinafunsa.

“Ulemu azauona akabwera kuno. Apa afuna kuona maso.”

Tinakhala atatu pakhonde, mayiyo akutsegula zithunzi za m'foni chimodzichimodzi. Cha paukwati wa msuweni anachikana chifukwa munali akazi asanu, mwamuna sangadziwe kuti wake ndi uti. China chinali chokongola koma cha zaka khumi zapitazo. “Ili ni bodza,” anatero. China dzuwa linali kumbuyo, nkhope yada bii. China chinkaonetsa nambala ya nyumba yathu pachitseko, ndipo anati zimenezo n'kuitana akuba. Ine ndinkangoona chinthu chimodzi: pa zithunzi zonsezo mwana wanga sankaseka. Pakamwa pankamwetulira pang'ono, maso ali kwina.

Tinayesa kujambula chatsopano pamthunzi wa mpanda, kuwala kukuchokera kutsogolo, foni ili molingana ndi maso ake. “Seka, iwe!” mnzakeyo ankakuwa. Zinatuluka khumi ndi ziwiri, zonse za munthu womvera lamulo. Mwana wanga anati, “Atate, tisiye. Mwezi uli pafupi kutha uwu.” Mtima wanga unagunda moipa, ndinagwira khoma.

Ndi pamene mayi uja anapeza chithunzi chimene anajambula yekha miyezi iwiri m'mbuyomo, tsiku limene anamuluka tsitsi pabwalo pathu. Mwana wanga anali atatembenuka pang'ono, akuseka zenizeni, maso atachepa, kuwala kwa m'mawa kuli pankhope. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala. Koma pambali pake, kumbuyo kwa phewa, ndinalipo ine pampando, bulangete m'miyendo, ndodo ndi botolo la mankhwala pafupi.

Mayiyo anati, “Ichi ndiye chabwino. Koma mwamuna azaona odwala asanaone mkazi. Tingacheke, chisale kuchokera pachifuwa kupita kumwamba, kumbuyo kusale khoma chabe.”

“Sindingacheke atate anga,” mwana wanga anatero. “Wondifuna adziwe kuti alipo.”

“Udzamuuza ndi pakamwa,” ndinayankha. “Ndinaima pakati pa iwe ndi mwamuna kamodzi. Makalata aja a telala sanasochere, mwanawe. Ndinawotcha ine.”

Mwana wanga anati, “Ndinkadziwa, atate. Phulusa la pepala silifanana ndi la makala, ndipo mbaula ndinkayeretsa ndine.”

Ndinapempha mayi uja kuti andionetse pogwira pafonipo kuti ndicheke ndekha. Mzere unandithawa kawiri, kachiwiri n'kudula khutu la mwana wanga. Kachitatu ndinaukoka bwino mpaka ndodo, botolo ndi ine tinatuluka. Anatsala yekha ndi khoma.

Anachiika patsamba lija madzulo omwewo, atatsala ndi masiku asanu ndi limodzi kuti mwezi ukwane. Lachiwiri ndinamva foni ikulira kawiri iye akuchapa, ndipo anapukuta manja mofulumira n'kukawerengera kuseri kwa nyumba. Mwezi unatha, sanafufute. Amene amalemba sindimudziwa. Tsopano kuwerenga ndimatha, ndipo foniyo nthawi zina amaisiya patebulo pafupi ndi mankhwala anga, koma sindiigwira.